"Tandionereniko sivi yangayi": kumuuza mnzanu zoona osamuswa mtima

Uthenga umafika pa foni madzulo: "Aise, tandionereniko sivi yangayi, ndikufuna nditumize." Ambiri timatsegula fayiloyo, n'kuyendetsa chala kuchoka pamwamba mpaka pansi, kenaka n'kuyankha kuti, "Ili bwino kwambiri, Mulungu akutsogolereni." Timayankha choncho chifukwa munthuyo timamukonda. Tikudziwa kuti wayenda nthawi yaitali ndi envulopu ya khaki m'manja, ndipo sitifuna kumuonjezera chisoni.

Koma taganizani zimene zimachitika chikalatacho chikafika kumene chikupita. Zotsatsa ntchito zambiri za m'nyuzipepala monga The Nation ndi The Daily Times zimathera ndi mawu akuti okhawo amene asankhidwa ndiwo adzayankhidwe. Ndiye kuti olemba ntchito sadzamuuza mnzanuyo chimene chinamugwetsa. Kudzangoti zii, iye n'kutumizanso chikalata chomwecho kwina, zolakwika zili zomwezo. Pa anthu onse amene adzaiwerenge sivi imeneyi, ndinu nokha amene mungamuuze zoona nthawi ikadalipo. Paja wakutsina khutu ndi mnansi.

Sivi ndi chikalata chofotokoza mwachidule maphunziro a munthu, ntchito zimene wagwirapo ndi luso limene ali nalo. Kuidzudzula kumavuta chifukwa m'menemo muli moyo wa munthu: zaka zimene anavutikira fizi, ntchito imene inatha mosayembekezera, miyezi imene anangokhala pakhomo. Mukanena kuti "apa sipali bwino", iye angamve ngati mukunena kuti moyo wake suli bwino. Chimene ine ndaona n'chakuti vutoli limachepa mukasiya kuyeza munthuyo n'kuyamba kuyeza pepalalo, polifanizira ndi zimene olemba ntchito apempha. Pamenepo inu ndi mnzanuyo mumakhala mbali imodzi, mukuyang'ana limodzi ngati pepalalo likumuyankhulira bwino kapena ayi.

Musanatsegule fayilo

Choyamba, pemphani chotsatsa ntchitocho. Sivi siikhala yabwino kapena yoipa payokha. Imakhala yoyenera ntchito inayake kapena yosayenera. Imene ingamulowetse munthu ntchito ya uphunzitsi ikhoza kumugwetsa pa ntchito ya mu ofesi ya zachuma. Mukapanda kuona chotsatsacho, mudzangokonza zilembo ndi mipumiro, nkhani yeniyeni n'kuisiya.

Mufunsenso tsiku lotsekera. Ngati kwatsala sabata, mungakambirane zoilembanso yonse. Ngati akutseka mawa 5 koloko madzulo, kumuuza kuti yonse ndi yofunika kuiphwasula ndi kungomusowetsa tulo. Zikatero sankhani zinthu ziwiri kapena zitatu zimene angakonze usiku womwewo, zina mudzakambirane akatumiza. Ndipo mufunseni kuti, "Mukufuna ndingoona Chingerezi, kapena ndinene chilichonse chimene ndaona?" Pafupifupi aliyense amayankha kuti munene zonse. Akatero wakutsegulirani yekha khomo, ndipo zimene mudzanene sizidzamudzidzimutsa.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyerekeze kuti amene wakutumizirani ndi mnzanu wamkazi wa zaka 29. Ali ndi dipuloma ya zowerengera ndalama ya ku ICAM. Anagwira zaka 4 pa shopu ya pikulitsa ya alamu ake ku Limbe, kenaka anapita kumudzi ku Ntcheu kukadwazika mayi ake kwa zaka 2. Tsopano akufunsira ntchito ya wothandizira mu ofesi ya zachuma ku bungwe lina lomwe si la boma ku Lilongwe. Chotsatsacho chikufuna dipuloma, zaka zosachepera 2 pa ntchito yofanana ndi imeneyi, kudziwa kufananitsa mabuku a ofesi ndi sitetimenti ya ku banki, kusunga ndalama zogulira tinthu ting'onoting'ono ta mu ofesi, kudziwa `Excel` ndi pulogalamu ina yowerengera ndalama monga `Sage` kapena `QuickBooks`, komanso mboni zitatu zopezeka mosavuta. Sivi yake ndi ya masamba 5.

Kuwerenga koyamba, kwa theka la mphindi

Werengani kawiri, ndipo koyamba mufulumire dala. Amene amasankha anthu oti aitanidwe amakhala ndi mulu wa makalata patebulo, ndipo sangawerenge lililonse ngati kalata yochokera kwa mbale wake. Dzipatseni masekondi 30, mutseke fayilo, ndiye mudzifunse kuti: munthuyu akufuna ntchito yanji, ndipo n'chiyani chandiuza kuti angaikwanitse?

Pa sivi ya mnzathu uja, yankho n'lakuti palibe. Tsamba loyamba lonse ladzaza ndi dzina la mudzi, mfumu yaikulu, boma lochokera, mtundu, mpingo, kuti ndi wokwatiwa, ana awiri, ndi nambala ya chiphaso cha unzika. Tsamba lachiwiri layambira ku pulayimale n'kumakwera pang'onopang'ono, moti dipuloma ija, imene ili chinthu choyamba chimene olemba ntchito apempha, ili pansi penipeni. Ntchito imene anagwira ili pa tsamba lachitatu.

Iyi ndi nkhani ya kasanjidwe chabe, ndipo kuikonza sikutenga nthawi. Pamwamba pakhale dzina, nambala ya foni, imelo ndi dera limene akukhala. Patsatire ntchito ndi maphunziro, kuyambira zaposachedwa kubwerera m'mbuyo. Munthu wa dipuloma safunika kutchula pulayimale. MSCE ikwana pa mzere umodzi, ndipo ngati chotsatsa chafuna kuti munthu anakhoza bwino masamu ndi Chingerezi, atchule magiredi a maphunziro awiriwo. Kwa munthu wa zaka zochepa pa ntchito, masamba awiri ndi okwanira.

Za mtundu, mpingo, banja ndi ana, ine ndimalangiza kuti zichoke, pokhapokha ngati fomu kapena chotsatsacho chafunsa. Lamulo la za ntchito la m'chaka cha 2000 limaletsa kusala munthu pa ntchito chifukwa cha mtundu, chipembedzo, kukhala mwamuna kapena mkazi, kukhala pabanja kapena ayi, ngakhalenso udindo wosamalira banja. Komabe lamulo silingaone za mumtima mwa munthu amene akuwerenga ali yekha mu ofesi. Palibe chifukwa chomupatsira zinthu zimene sanafunse, zimenenso sizikukhudza ntchitoyo. Nambala ya chiphaso nayo si yomwaza kwa aliyense amene waika chotsatsa, poti zotsatsa zina n'zabodza. Apa muyankhule mofatsa, chifukwa ambiri anaphunzitsidwa kuti sivi imayamba chonchi, ndipo kwa ife kutchula kwanu ndi ulemu. Simukumuuza kuti achite manyazi ndi kwawo. Mukumuuza kuti malo a pamwamba pa tsamba loyamba ndi ochepa, ndiye aikepo chimene chingamuitanitse.

Pamene pagona ntchito yeniyeni

Kuwerenga kwachiwiri ndi kwa cholembera m'manja. Lembani zimene chotsatsa chikufuna, chimodzichimodzi, ndipo pa chilichonse musake umboni mu sivi. Osati mawu ongonena kuti ndimadziwa, koma malo, nthawi ndi chimene anachita.

Kwa mnzathu uja, dipuloma ilipo. Koma zaka 4 za ku Limbe zalembedwa pa mzere umodzi wokha, wakuti anali kashiya, ankalandira ndalama ndi kuthandiza makasitomala. Wowerenga adzaona munthu wa pa kauntala, osati wa mu ofesi ya zachuma, ndipo adzamuika pambali. M'munsi mwake muli mndandanda wa mawu amene amapezeka m'masivi ambiri: wolimbikira, wokhulupirika, wodziwa kugwira ntchito ndi anzake, wotha kugwira ntchito popanda womuyang'anira. Mawu amenewa aliyense akhoza kulemba, n'chifukwa chake sathandiza aliyense.

Apa musathamangire kunena kuti "simunalembe bwino". Muimbireni foni kapena mukhale naye pansi, n'kumufunsa mafunso. "Tandiuzeni, Lolemba m'mawa mukafika pa shopu paja munkayamba ndi chiyani? Nanga madzulo potseka? Ndalama ankapita nazo ku banki ndani? Mwezi ukatha munkatani?"

Mukafunsa chonchi mumamva zambiri. Mwina adzakuuzani kuti madzulo aliwonse ankawerenga ndalama za m'matilo atatu n'kuzifananitsa ndi malisiti. Kuti ndiye ankalemba masilipi ndi kukasungitsa ndalama ku banki katatu pa sabata. Kuti mwezi ukatha ankatenga sitetimenti ya ku banki n'kuiyendera mzere ndi mzere pamodzi ndi buku la shopu, ndipo tsiku lina anapeza kuti kasitomala wina anawalipira ndi cheke chimene chinabwezedwa koma m'buku chinalembedwa ngati cholipidwa. Kuti ankasunga buku la ngongole la ogula pafupifupi 40 amene ankatenga katundu n'kudzalipira pambuyo. Kuti ankasonkhanitsa mainvoisi onse n'kuwapereka kwa munthu amene ankawakonzera za msonkho wa ku MRA.

Zonsezi ndi zimene chotsatsa chija chikufuna. Iye sanazilembe chifukwa kwa iye kunali kungothandiza alamu, ndipo dzina la udindo wake linali kashiya. Anthu ambiri amene ndawaonera masivi vuto lawo si kudzikweza ayi, koma kudzichepetsa. Tinaleredwa kuti kudzitama n'koipa, ndipo munthu amene wakanidwa kambirimbiri amayamba kukhulupirira kuti zimene anachita n'zachabe. Ntchito yanu yaikulu ndi kumuthandiza kuti aone zimene ali nazo kale. M'malo mwa mzere umodzi uja pakhale mizere inayi kapena isanu, uliwonse woyamba ndi chimene ankachita, ndipo pamene pali nambala aiike: matilo 3, ogula 40, mwezi ndi mwezi kwa zaka 4. Mawu akenso afanane ndi amene ali m'chotsatsa, kuti wowerenga mothamanga awazindikire msanga. Dzina la udindo lisasinthe. Anali kashiya, alembe kashiya, ndipo mizere ya m'munsiyo ionetse kukula kwa ntchitoyo.

Chenjezo limodzi pa manambala: akhale amene mwini wake angawaikire kumbuyo. Ngati sakukumbukira bwino kuti ogula anali angati, alembe kuti pafupifupi, kapena asiye. Ndipo ndalama zimene shopu inkapanga ndi chinsinsi cha eni ake, asazilembe popanda kuwapempha.

Pamene muyenera kulimba mtima

Pali zinthu zina zimene kuzinena kumawawa, koma kuzisiya n'kumupereka mnzanu. Pa gawo la luso, mnzathu uja walemba kuti `Sage` amaidziwa bwino kwambiri. Mukamufunsa kumene anaigwiritsapo ntchito, akuti anaiona masiku ochepa ali pa sukulu. Walemba choncho chifukwa wina anamuuza kuti aliyense amatero.

Musamutche wabodza, ndipo musamulalikire. Muuzeni chimene chingachitike. Pa ntchito zoterezi si zachilendo kuti pa intaviyu munthu amukhazike pa kompyuta n'kumupatsa zoti achite. Zikavuta pamenepo, ofunsawo sakayikira mzere umodzi wokhawo. Amayamba kukayikira pepala lonse, kuphatikizapo zaka 4 zija zimene zili zoona. Ndipo pa ntchito yogwira ndalama za anthu, kukayikiridwa ndi mapeto. Mungamuuze kuti, "Achemwali, apa ndikuopa kuti angakufunseni muwaonetse. Bwanji mulembe kuti munaiphunzira pang'ono ku sukulu, ndiye tikweze `Excel` imene mumaidziwadi?" Chotsatsa chikatchula zinthu zisanu ndi chimodzi, munthu amene ali ndi zisanu zoona amakhala ndi mwayi kuposa amene walemba zonse koma china n'chongopeka.

Yang'ananinso masiku. Werengetsani zaka ndi zala: kodi ntchito ina sikuyamba inzake isanathe? Kodi chaka chomalizira maphunziro chikufanana ndi cha pa satifiketi? Nthawi zambiri kumakhala kulakwitsa polemba, koma wowerenga sangadziwe zimenezo. Dzina nalo lifanane ndi la pa masatifiketi, ndipo ngati linasintha chifukwa cha ukwati, atchule lakale lija kuti asaoneke ngati anthu awiri. Chimodzimodzi dzina la sukulu. Mu 2021 Yunivesite ya Malawi inagawidwa, Polytechnic n'kukhala MUBAS, ndipo sukulu ya madokotala ndi ya anamwino zinaphatikizana n'kukhala KUHeS. Amene anamaliza kugawaku kusanachitike alembe dzina limene lili pa pepala lake, ndipo akafuna aonjezere dzina latsopanolo pambali.

Kenaka pali zaka 2 za ku Ntcheu. Mu sivi mulibe chilichonse, pangokhala mpata pakati pa ntchito ya ku Limbe ndi lero. Apa ndi pamene pamafunika chifundo chenicheni, chifukwa kuseri kwa mpata wotere nthawi zambiri kumakhala matenda, maliro, uchembere, kutha kwa banja kapena kuchotsedwa ntchito. Musafunse kuti, "Nanga nthawi yonseyi munkangokhala?" Nenani kuti, "Wowerenga adzaona kuti pakati apa padutsa zaka ziwiri, ndipo akhoza kudzafunsa. Mungakonde kuti adziwe zotani?" Chisankho ndi chake. Safunika kutchula matenda a mayi ake kapena kufotokoza za m'banja. Mzere umodzi wonena kuti kuyambira chaka chakuti mpaka chakuti ankasamalira wodwala m'banja ndi wokwanira, ndipo ndi wabwino kuposa kumusiya wowerenga kuti aziganiza yekha.

Mukafunsa modekha mukhozanso kupeza kuti zaka zimenezo sizinali zopanda kanthu. Mwina kumudziko anamusankha kukhala mlembi wa banki m'khonde ya anthu 25, ndipo ndiye ankalemba masheya, ngongole ndi chiwongoladzanja mpaka tsiku logawana. Imeneyo ndi ntchito ya mabuku a ndalama, ngakhale kuti sankalandira malipiro. Usungichuma wa ku mpingo, bizinesi ya kaunjika, kuyendetsa kabenchi ka Airtel Money kapena Mpamba, zonsezi zikhoza kulowa ngati zikukhudzana ndi ntchito imene akufunsira, bola zilembedwe monga momwe zinalili, osazikuza.

Mboni ndi tinthu tina

Pansi pa mutu wakuti `Referees`, mnzathu walemba abusa a mpingo wake, amalume ake, ndi mphunzitsi amene anasiyana naye zaka 6 zapitazo. Mufunseni mafunso awiri: kodi anthuwa akudziwa kuti mwawalemba, nanga manambalawa munawaimba liti komaliza? Mboni imene yaimbiridwa foni n'kuyankha kuti "ndani ameneyo?" imaononga zambiri. Wachibale sakhala mboni yodalirika pamaso pa olemba ntchito. Chofunika ndi munthu amene anaona ndi maso ake mmene mnzanuyo amagwirira ntchito. Kwa iyeyu pali kavuto, poti bwana wake anali mlamu wake. Ndiye aganizire munthu uja ankawakonzera za msonkho, kapena wapampando wa banki m'khonde, ndipo aliyense amupemphe kaye n'kumutumizira chotsatsacho kuti adziwe zimene angafunsidwe.

Zotsalazo n'zoona mofulumira, koma musazidumphe. Imbani nambala imene yalembedwa pamwamba, chifukwa nambala yosowa chiwerengero chimodzi imatayitsa ntchito munthu osadziwa. Imelo ikhale ya dzina lake, osati dzina losereula la ku sekondale, ndipo ikhale imene amaitsegula. Fayilo isungidwe ngati `PDF` kuti isasokonekere ikatsegulidwa pa kompyuta ina, pokhapokha ngati apempha mtundu wina, ndipo dzina lake likhale la mwini wake, osati `CV final final 2.docx`. Onani ngati dzina la bungwe lina limene anafunsirako kale silinatsalire penapake, zimene zimachitika kawirikawiri sivi ikakhala yokopera kwa mnzake kapena yotayipitsa pa kefe. Chithunzi chisakhalepo ngati sanapemphe. Chingerezi muchione pomaliza, ndipo njira yabwino ndi kuwerenga mokweza, chifukwa khutu limagwira zimene diso ladumpha.

Kanenedwe kake

Mukamaliza mukhoza kukhala ndi zinthu 20 zimene mwalemba. Musazikhuthule zonse nthawi imodzi. Munthu akalandira pepala lake litafiira paliponse saona malangizo, amangoona kuti walephera. Zigaweni. Pali zimene zingamugwetse, monga ntchito ya ku Limbe imene yabisika, `Sage` uja, ndi mboni. Pali zimene zingangokometsa. Ndipo pali zimene ndi kukonda kwanu chabe, monga mtundu wa zilembo. Zoyambazo muzinene momveka, zachiwiri mwachidule, ndipo zachitatuzo nthawi zambiri ndi bwino kungozisiya.

Yambani ndi chimene chili champhamvu, koma chikhale choona ndiponso chotchulika. Mawu akuti "mwayesetsa" sathandiza, ndipo munthu amadziwa kuti kukubwera "koma". Nenani kuti, "Chimene chandisangalatsa n'chakuti mwakhala malo amodzi zaka zinayi mukugwira ndalama tsiku ndi tsiku. Anthu awa akufuna zimenezo." Kuyamikira kotere si shuga wothira pa mankhwala owawa ayi. Kukumuuza mnzanuyo chimene ayenera kuika patsogolo.

Pofika pa zolakwika, nenani zimene inu monga wowerenga mwakumana nazo, osati chimene iye ali. Pali kusiyana pakati pa "ndinu wosalongosoka" ndi "ndinafika tsamba lachitatu ndisanadziwe kuti munagwirapo ntchito ya ndalama". Mawu oyambawo ndi chiweruzo, ndipo munthu amayamba kudziteteza. Achiwiriwo ndi lipoti, ndipo sangatsutse zimene zakuchitikirani inu powerenga. Chilichonse chimene mwadzudzula chibwere ndi njira yokonzera. Ndipo musachepetse chinthu chachikulu pofuna kuti chisawawe. Mukanena kuti "ndi kanthu kakang'ono chabe" pamene mukudziwa kuti kangamugwetse, iye adzakukhulupirirani n'kukasiya momwemo.

Zolemera muzinene pakamwa, maso ndi maso kapena pa foni. Uthenga wolemba pa WhatsApp ulibe nkhope, ndipo mawu amene munawalemba mwachikondi akhoza kuwerengedwa mwaukali ndi munthu amene watopa. Zing'onozing'ono ndiye mungazilembe, kapena kugwiritsa ntchito `Track Changes` mu `Word` kuti aone chilichonse chimene mwakhudza n'kusankha yekha kuvomera kapena kukana. Musakonzere sivi ya munthu pagulu, ngakhale pa gulu la abale, ndipo musaitumize kwa wina kuti naye aone musanamupemphe mwini wake. Muli nambala yake, mbiri yake ndi manambala a anthu ena.

Ngati mwini siviyo ndi wamkulu kwa inu, monga achimwene anu aakulu kapena amalume amene ntchito inawathera atagwira zaka 20, zoona zake sizisintha koma njira imasintha. Funso limayenda bwino kuposa lamulo: "Achimwene, kodi pamenepa tikanayamba ndi ntchito yomalizayi sizikanaoneka bwino? Masiku ano akumakonda choncho." Mukatero mwaika vuto pa kusintha kwa nthawi, zimenenso zili zoona, ndipo ulemu wawo watsala.

Pali yesero lina limene limagwira anthu amtima wabwino, lofuna kungoitenga siviyo n'kuilemba okha. Zimaoneka zachangu, koma pa intaviyu adzakhalapo ndi iyeyo, osati inu. Akadzamufunsa za mzere umene sanaulembe, wa Chingerezi chimene sayankhula, adzasowa chonena. Muonetseni pa mzere umodzi kapena iwiri, yotsalayo alembe yekha, inu mudzaonenso. Akakana malangizo ena, musakwiye. Chikalatacho ndi chake, ndipo mwina akudziwa za ntchito yake zimene inu simukuzidziwa. Inunso dziwani polekezera: ngati ndinu mphunzitsi ndipo sivi ndi ya namwino kapena makaniko, mungathandize pa kasanjidwe ndi chiyankhulo, koma muuzeni kuti apezenso wa ntchito yomweyo aione.

Chovuta kuposa zonse ndi pamene mwaona kuti mnzanuyo sakukwanira n'komwe pa ntchitoyo. Akufuna digiri ndi zaka 5, iye ali ndi satifiketi ndi chaka chimodzi. Kukonza mipumiro n'kukhala chete pa zimenezi si chikondi, makamaka ngati aononga ndalama pa fotokope, kudinditsa masatifiketi ndi thiransipoti. Muuzeni kuti, "Pa zimene alemba apa, ziwiri zikuluzikulu mulibe, ndiye mwayi ndi wochepa. Mukafuna kuyesa yesani, ine ndikuthandizani, koma tiyeni tisakenso zina zimene mukukwanira." Musamulonjezenso kuti sivi ikakonzedwa ntchito yapezeka. Ofunsira ndi ambiri kuposa malo, ndipo sivi yabwino imangomufikitsa munthu pa khomo la intaviyu. Akadziwiratu zimenezi, sadzadziona wolephera akapanda kuitanidwa, ndipo sadzakuonani inu ngati munamunamiza.

Pakapita masiku awiri, mufunseni ngati wakonza, ndipo mupemphe kuti akutumizireni yatsopanoyo musanafike tsiku lotsekera. Pokonza zolakwika zakale pamalowa zina zatsopano, monga chaka chosinthika kapena mzere wodukira pakati, ndipo mwini wake amene waiyang'ana usiku wonse sangazione. Muiwerengenso yonse kuyambira pa dzina mpaka pa nambala ya mboni yomaliza, ndipo ikakhala bwino, pamenepo muuzeni kuti atumize.